Fuloti kapena mashelefu: mpamba umodzi, mabizinesi awiri osiyana

Munthu akapeza kampamba n'kumaganiza zoyamba bizinesi, uejenti wa ndalama za pafoni umaoneka wopepuka kusiyana ndi okala. Sipafunika nyumba yaikulu, palibe katundu wowola, palibe kunyamula makatoni kuchokera ku holoselo. Tebulo, ambulera, foni ndi buku, basi munthu wayamba. Koma zimene zimaoneka patebulopo ndi kagawo kakang'ono chabe ka ndalama zoyambira. Gawo lalikulu lili m'foni ndi m'chikwama, ndipo limatchedwa fuloti. Yemwe wamvetsa mmene fuloti imayendera angathe kuyerekeza mabizinesi awiriwa mosadzinamiza.

Fuloti ndi ndalama za ejenti mwini. Kampani ya foni siimpatsa ulere. Ejenti amapereka ndalama zenizeni kubanki kapena kwa ejenti wamkulu, ndipo ndalama zomwezo, osachotsera osawonjezera, zimaoneka pa nambala yake ya uejenti. Kasitomala akabwera kudzaika ndalama, amapereka kashi, ejenti n'kumutumizira kuchokera pa fuloti: kashi wakwera, fuloti yatsika. Wina akabwera kudzatapa, amatumiza kwa ejenti, ejenti n'kumuwerengera kashi: fuloti yakwera, kashi watsika. Choncho ejenti ali ndi matumba awiri, ndipo tsiku lonse ndalama zimangochoka m'thumba ili kupita m'thumba ilo. Ukaphatikiza matumba onse awiri madzulo, ziyenera kukwana ndendende zomwe zinalipo m'mawa. Phindu lake silichokera m'ndalama zimenezi ayi. Limabwera padera, ngati komishoni yochokera ku kampani.

Wa okala ndiye amagula chinthu pamtengo wotsika n'kugulitsa pamtengo wokwererapo, ndipo phindu lake limabisala m'ndalama zomwe zalowa m'kabati. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa koma n'kumene kumabala kusiyana kwina konse.

Tiyeni titenge anthu awiri, aliyense ali ndi mpamba wa 500,000. Sinditchula dzina la ndalama chifukwa mitengo ndi makomishoni zimasiyana dziko ndi dziko komanso kampani ndi kampani. Manambalawa ndi ongoyerekezera, oti tione mmene masamu ake amayendera, ndipo aliyense angathe kuikapo akeake.

Woyamba wasankha uejenti. Wawononga 60,000 pa tebulo kapena kabenchi kotsekeka, foni yogwirira ntchito, chikwangwani ndi zikalata zomwe kampani imafuna polembetsa, monga chiphaso cha mwini ndi kalata ya bizinesi. Zatsala 440,000, ndipo wazigawa pakati: 220,000 pafoni, 220,000 m'manja. Wachiwiri wasankha okala. Lendi yolipiriratu, mashelefu, loko wabwino, sikelo ndi layisensi zamudyera 140,000, ndipo 360,000 waodera katundu. Apa pakuoneka kale chinthu chimodzi. Ejenti akasintha maganizo mwezi wamawa, atha kutapa fuloti yake yonse n'kuchoka ndi 440,000. Wa okala akafuna kutseka, mashelefu ndi lendi zapita, ndipo katundu wotsala adzamgulitsa motchipa kuti atuluke msanga. Kulowa mu uejenti n'kosavuta, kutulukamo n'kosavutanso. Vuto lake ndi lakuti khomo limenelo ndi lotsekukira aliyense, ndipo tibwereranso pamenepa.

Tsopano tsiku la ntchito. Tinene kuti ejenti wathu wathandiza anthu 50, ndipo aliyense wabwera ndi ndalama zapakatikati, 12,000. Ndalama zomwe zadutsa m'manja mwake ndi 600,000. Makampani ambiri sawerengera komishoni molunjika ngati peresenti. Amaika magulu: kuyambira ndalama zakuti kufika zakuti komishoni ndi yakuti, gulu lotsatira yakuti. Kawirikawiri kutapa kumalipira bwino kuposa kuika, chifukwa wotapa amadulidwa ndalama pamene woika nthawi zambiri salipira kanthu. Tikaphatikiza zonse, tinene kuti ejenti amapeza 6 pa 1,000 iliyonse yodutsa. Komishoni ya tsikulo ndi 3,600. Tichotsepo 400 ya malo, 200 yotchajitsa foni ndi mayunitsi, ndi 600 ya ulendo wopita kukasintha ndalama. Watsala ndi 2,400.

Ulendo wokasintha ndalamawo ndi umene anthu ambiri amauiwala powerengera. Anthu 50 aja akanakhala kuti theka aika ndipo theka atapa, mosinthanasinthana, ejenti sakanachoka pampando tsiku lonse, chifukwa kashi wa woika ndi amene amalipira wotapa. Koma malo ambiri amapendekera mbali imodzi. Kumene anthu amalandira ndalama kuchokera kwa abale akutali, otapa ndi ambiri. Pafupi ndi msika waukulu, pomwe amalonda amafuna kusunga zomwe agulitsa, oika ndi amene amachuluka. Tinene kuti pa 600,000 ija, 420,000 ndi zotapa ndipo 180,000 ndi zoika. Kashi wotuluka waposa wolowa ndi 240,000, pamene ejenti anayamba ndi 220,000 yokha. Dzuwa lisanalowe chikwama chauma. Foni yadzaza ndalama, koma munthu amene waima patsogolo pake akufuna kashi, ndipo ejenti amangoti, “Pepani, kashi wandithera.” Ayenera kutseka, kupita kubanki kapena kwa ejenti wamkulu, kusintha fuloti kukhala kashi, n'kubwerera ali ndi ndalama zambiri m'thumba panjira. Ngati banki ili pafupi ndi nkhani ya mphindi zochepa. Ngati ili kutali, ulendo umodzi umadya komishoni ya anthu angapo, osawerengera omwe afika iye kulibe. Ndipo kasitomala amene wabwezedwa kawiri sabweranso kachitatu, amazolowera benchi lina.

Ndiye funso loyamba kwa wofuna uejenti lisamakhale lakuti pamalopo pamadutsa anthu angati. Afunse kuti odutsawo amaika kapena amatapa, nanga posinthira ndalama pali mtunda wotani. Ejenti wochenjera sagawanso fuloti pakatimpakati monga anachitira wathuyu. Akaona kuti malo ake ndi a otapa, amayamba tsiku ndi kashi wambiri, mwina 300,000, n'kusiya 140,000 pafoni. Kumapeto kwa mwezi, malipiro akatuluka, amasinthanso kagawidwe.

Wa okala uja tsiku lomwelo wagulitsa katundu wa 40,000. Ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi 600,000, koma pa 100 iliyonse yogulitsa tinene kuti 12 ndi phindu. Zikukwana 4,800. Tichotsepo 900 ya lendi, 700 ya thiransipoti yokaoda tikaigawa pa masiku, ndi 500 ya katundu wosweka, wotha masiku kapena wosowa. Watsala ndi 2,700. Pa masiku 26 ogwira ntchito, ejenti apeza 62,400, wa okala 70,200. Manambalawa ndawayandikanitsa dala, kuti tisatanganidwe ndi funso lakuti wapambana ndani, tione njira zomwe adutsa. Mpamba wa ejenti wazungulira kamodzi ndi kachigawo pa tsiku limodzi, ukubala pang'ono kwambiri ulendo uliwonse. Katundu wa okala amatenga masiku pafupifupi 10 kuti azungulire kamodzi, koma akazungulira amabala zooneka.

Phindu la 12 pa 100 lija nalonso ndi lapakatikati chabe. Katundu amene amayenda msanga, yemwe aliyense amadziwa mtengo wake, amakhala ndi phindu lochepa, chifukwa ukakweza pang'ono kasitomala amapita kwa mnzako. Katundu wa phindu lalikulu ndi uja amakhala pashelefu milungu ingapo akudikira munthu mmodzi. Wa okala watsopano amakopeka ndi phindu lalikululo, n'kuika theka la mpamba m'zinthu zosayenda. Shelefu imaoneka yodzaza, koma sopo ndi machesi zikatha alibe ndalama zokaodera zina. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: fumbi pa katundu wina, mipata pa katundu amene anthu akufunsa.

Pa nkhani ya ngozi, mabizinesi awiriwa amataya ndalama mosiyana kwambiri, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene munthu ayenera kudziyeza yekha.

Ejenti amaluza kamodzi koma kwambiri. Akathyali ali ndi njira zodziwika bwino. Wina amabwera ngati akufuna kutapa, n'kuonetsa meseji pafoni yake yosonyeza kuti watumiza, kapena meseji yabodza imalowa pafoni ya ejenti kuchokera ku nambala wamba yosungidwa ndi dzina lofanana ndi la kampani. Ejenti amawerenga kashi n'kupereka, pamene pa fuloti sipanalowe kalikonse. Wina amaimba foni n'kudzitcha wa ku kampani, n'kunena kuti nambala ya uejenti ili ndi vuto, ndipo amamuuza ejenti manambala oti adine, omwe mapeto ake ndi kutumiza ndalama kwa iyeyo. Ena amabwera awiri kapena atatu nthawi yotanganidwa, wina akufunsa chenje, wina akusintha maganizo pa ndalama zomwe waika, mpaka ejenti asokonezeke pa kuwerenga. Palinso ndalama zachinyengo zobisika pakati pa zenizeni, ndi kulakwitsa kwa ejenti mwini, monga kuwonjezera ziro kapena kuphonya nambala imodzi. Ndalama zopita ku nambala yolakwika nthawi zina zimabwezedwa ukadziwitsa kampani msanga, koma wolandirayo akafulumira kutapa, nkhani imavuta.

Tiike nambala pa ngoziyi. Meseji yabodza imodzi ya 50,000 ikufanana ndi phindu la masiku pafupifupi 21 a ejenti wathu. Wagwira bwino ntchito ndi anthu oposa 1,000, ndipo munthu mmodzi wafafaniza zonse m'mphindi ziwiri. Zili choncho chifukwa ejenti amanyamula ngozi ya ndalama yonse pamene iye amadyapo 6 pa 1,000. N'chifukwa chake malamulo ake ndi ouma: osapereka kashi usanaone balansi pafoni yako iwe mwini, osapatsa kasitomala foni ya ntchito kuti alembe yekha nambala, osatchula nambala yachinsinsi kwa wina aliyense ngakhale atadzitcha bwana wa ku likulu, kuwerenga kashi usanatumize, ndi kulemba m'buku chilichonse. Kuba kwa mbava nakonso kumamukhudza ejenti kwambiri. Wakuba wolowa mu okala ayenera kusenza makatoni, koma theka la mpamba wa ejenti limakwana m'kachikwama kamodzi, ndipo aliyense pamsika amadziwa nthawi imene amaweruka.

Ubwino wake ndi woti ejenti amadziwa tsiku lomwelo kuti waluza. Madzulo akaphatikiza kashi ndi fuloti n'kupeza 432,000 m'malo mwa 440,000, akudziwa kuti 8,000 yasowa lero, ndipo buku ndi mameseji zingamuonetse pamene yatayikira.

Wa okala alibe mwayi umenewu. Iye amaluza pang'onopang'ono, mosamva kuwawa. Ngongole ndiyo imatsogola. Mwa 40,000 ya tsiku, tinene kuti 4,000 yatuluka pa ngongole kwa anthu odziwana nawo, omwe n'kovuta kuwakaniza. Ngati gawo limodzi mwa magawo anayi silibwerera, ndi 1,000 pa tsiku, ndipo phindu la 2,700 latsika kufika 1,700, pansi pa la ejenti. Kenako pali katundu amene amachoka pashelefu kupita kunyumba kwa mwini osalembedwa, chifukwa munthu savutika mtima kutenga sopo mu okala yakeyake. Palinso vuto la mitengo. Waoda chinthu pa 1,000, wagulitsa pa 1,120, wasangalala ndi 120. Pobwerera ku holoselo wapeza chili pa 1,150. Ndalama yonse yomwe wagulitsira, phindu lomwe, sikukwana kubwezera chinthu chimodzicho pashelefu. Amene amaika mtengo poyang'ana pomwe anagulira, osati pomwe akagulire mawa, okala yake imachepa ulendo uliwonse wokaoda ngakhale malonda akuyenda. M'kabati mumalowa ndalama tsiku lililonse, choncho mwini amaona ngati zinthu zili bwino. Njira yokha yodziwira zoona ndi kuwerenga katundu yense, mwezi ndi mwezi, pa mtengo wa ku holoselo wa tsikulo, kuphatikiza ndi kashi ndi ngongole zomwe zingabweredi, n'kuyerekeza ndi mwezi wathawo. Ndi ntchito yotopetsa ndipo ambiri saichita.

Kukwera kwa mitengo kumamupwetekanso ejenti, koma mwa njira ina. Katundu wa pashelefu amakwera mtengo limodzi ndi zinthu zina, bola mwini azisintha mitengo msanga. Fuloti siikwera. Zinthu zikakwera ndi 20 peresenti pa chaka, anthu amayamba kutumizirana ndalama zokulirapo, ndipo kuti ejenti athandize anthu omwewo afunika kuwonjezera 88,000 pa 440,000 ija. Komishoni ikhoza kukwerako chifukwa ndalama zodutsa zakula, komabe 88,000 ndi phindu la mwezi umodzi ndi masabata ena, lomwe sayenera kulidya. Ejenti amene amadya komishoni yonse amaona fuloti yake ili chimodzimodzi pa nambala, koma ikumuthera msanga chaka chino kuposa chaka chatha.

Pali ngozi ina yomwe ejenti sangaichite kanthu ngakhale atasamala bwanji: mtengo wa ntchito yake amaika ndi ena. Kampani ikasintha magulu a komishoni, iye amangolandira meseji. Netiweki ikagwa, bizinesi yaima. Boma likaika msonkho, makasitomala amasintha khalidwe. Ku Uganda mu July 2018 boma linaika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama za pafoni, anthu ambiri anachepetsa kugwiritsa ntchito njirayi, ndipo chaka chomwecho msonkhowo unatsitsidwa kufika 0.5 peresenti pa kutapa kokha. Ku Tanzania msonkho wamtundu womwewo unayamba mu July 2021, ndipo nawonso unadzachepetsedwa anthu atadandaula. Pa miyezi ngati imeneyo ejenti amakhala pa benchi lomwelo, ndi fuloti yomweyo, koma anthu obwera achepa.

Ndiye pali khomo lotsekukira aliyense lija. Malo akaoneka kuti akuyenda, ejenti wina amaika tebulo pafupi, ndipo akugulitsa chinthu chofanana ndendende pa mtengo wofanana. Anthu akatsika kuchoka pa 50 kufika pa 30, ndalama zodutsa ndi 360,000, komishoni ndi 2,160, koma zolipira zidakali 1,200. Phindu latsika kuchoka pa 2,400 kufika pa 960. Makasitomala achepa ndi magawo awiri mwa asanu, phindu lachepa ndi magawo atatu mwa asanu. Kuwonjezera fuloti sikuthandiza pamenepa, chifukwa fuloti yoposa imene anthu akufuna imangogona. Pa nthawi ngati imeneyi maejenti ena amayamba kugawa ndalama ya kasitomala mmodzi m'zigawo zingapo kuti akolole komishoni kangapo, popeza magulu aja nthawi zina amapangitsa kuti zigawo zing'onozing'ono zilipire bwino kuposa ndalama imodzi yaikulu. Makampani amaletsa zimenezi ndipo amazizindikira mosavuta, poti zonse zimalembedwa pa makina awo: nambala imodzi ikuika kanayi m'mphindi zochepa. Chilango chake ndi kulandidwa komishoni kapena kutsekeredwa nambala. Wa okala naye amakumana ndi mpikisano, koma ali ndi pothawira. Angathe kubweretsa katundu amene mnzake alibe, kugawa paketi yaikulu m'tizigawo tomwe anthu angakwanitse, kusaka holoselo yotchipa, kapena kusintha mtengo lero lomwe.

Mawu oti mabizinesi awiriwa amabweretsa “ndalama za pa tsiku” nawonso amasokoneza. Makampani ambiri amalipira komishoni pa mwezi, ena amaiika nthawi yomweyo pa akaunti yapadera. Kumene imabwera pa mwezi, ejenti watsopano amagwira masiku 30 osalandira kalikonse, ali ndi ndalama zambirimbiri m'manja. Chakudya cha masana, thiransipoti ndi zofuna za kunyumba zimayamba kutuluka mu fuloti, ndi mtima woti adzabweza komishoni ikabwera. Woyamba uejenti afunika kukhala ndi ndalama zina zodyera mwezi woyamba, apo ayi 440,000 ija ndi ya pa pepala chabe. Wa okala ali ndi chiyeso chosiyana: amagwira ndalama tsiku loyamba lomwe, koma mwa 40,000 ya m'kabati, 35,200 ndi ya holoselo.

M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, itayamba ku Kenya mu 2007, kampani ya Safaricom inadalira kwambiri anthu omwe ankagulitsa kale mayunitsi ake kuti akhale maejenti oyamba. Anali anthu okhala ndi malo, makasitomala ndi kashi wolowa tsiku lililonse. Mpaka pano uejenti umayenda bwino ukakhala pa kauntala ya bizinesi ina, ndipo masamu athu aja akusonyeza chifukwa chake. Lendi ndi imodzi. Wotapa ndalama amagulako kanthu asanachoke. Ndipo kumalo kumene otapa ndi ambiri, kashi wa malonda a okala amalipira otapa, fuloti yomwe yachuluka pafoni n'kukalipira ku holoselo ngati holoseloyo imalandira ndalama za pafoni, ndipo ulendo wa 600 uja umachepa.

Koma kuphatikizaku kumaononga chinthu chabwino kwambiri chomwe ejenti anali nacho, kuwerengera kwa madzulo kuja. Kashi wa uejenti ndi wa okala zikalowa m'kabati imodzi, palibenso nambala yoti ikwane. Mwini amatenga 30,000 kukaodera katundu, mawa 10,000 kubwezera, mkucha kasitomala wa ngongole walipira pafoni ya uejenti, ndipo pakatha mwezi sangathe kunena kuti ndi bizinesi iti ikudyetsa inzake. Ochita bwino amakhala ndi makabati awiri ndi mabuku awiri. Okala ikapereka 20,000 ya kashi kuti ilipire wotapa, zimalembedwa ngati okala yagula fuloti ya 20,000, ndipo ndalamayo imatumizidwa nthawi yomweyo ku nambala ya okala. Pa mpamba wa 500,000 wokha, kugawa pawiri kungasiye fuloti yothera masana ndi mashelefu a mipata, choncho njira yomveka ndi kuyamba ndi imodzi, n'kudzawonjezera inayo ndi phindu la yoyambayo.